Kalembedwe ka dikishonale ya deta: tiyambe ndi kolamu imodzi

Dikishonale ya deta ndi kachikalata kofotokoza kolamu iliyonse ya m'tebulo lanu: tanthauzo lake, muyeso wake, ndi zomwe zimaloledwa kulembedwamo. Ambiri mukamalemba mumangobwereza dzina, kuti `mvula` ndi "kuchuluka kwa mvula", basi. Pamenepo simunafotokoze kanthu. Tiyeni titenge kolamu yomweyi tione zimene mnzanu ayenera kupezamo tsiku limene inu kulibe.

Yambani ndi tanthauzo, ndipo mulilembe ngati mukuyankha munthu wovuta. Ndi mvula ya nthawi yaitali bwanji? Ngati mumawerenga choyezera kamodzi m'mawa uliwonse, madzi mwapezawo ndi a maola 24 apitawo, ndipo ambiri anagwa dzulo. Nanga nambalayo mukuilemba pa deti la lero kapena la dzulo? Njira zonse ziwiri zimagwira ntchito, koma mmodzi akamalemba pa lero wina pa dzulo, mvula imodzi imaoneka ngati inagwa masiku awiri osiyana. Sankhani njira imodzi, muilembe. Detilo lilembedwe motsatira ISO 8601, chaka patsogolo, monga `2024-04-03`, chifukwa `03/04/2024` wina awerenga Epulo, wina Malichi.

Muyeso suvuta, koma ndi umene umaiwalika. Inchi imodzi ndi mamilimita 25.4, choncho 2 wa mnzanu woyeza m'mainchi ndi 50.8 kwa inu. Ngakhale akatswiri zinawaonekera: mu 1999 bungwe la NASA linataya chombo cha Mars Climate Orbiter chifukwa pulogalamu ina inkatulutsa nambala m'miyeso ya mapaundi pamene yolandira inkayembekezera ya metiriki. Ine ndimakonda kuika muyeso m'dzina momwe, `mvula_mm`, kuti ngakhale waulesi wosatsegula dikishonale auone.

Pofunika kufatsa kwenikweni ndi pa tsiku limene simunayeze. Tinene kuti m'masiku asanu mwapeza 12, 0, 8 ndi 20, koma tsiku limodzi woyeza anadwala. Avereji yoona ndi 40 kugawa ndi masiku anayi, yomwe ndi 10. Wolowetsa deta akaika 0 pa tsiku losowalo, avereji imatsika kufika pa 8, ndipo tebulo likunama kuti tsikulo kunali kouma. Akaika 99 ngati chizindikiro choti palibe deta, wowerengera wosadziwa apeza 27.8. Iyi ndiye yoopsa, chifukwa mvula ya mamilimita 99 imagwa ndithu pa tsiku limodzi ndipo palibe angakayikire. Akaika -99, avereji ikhala -11.8, yolakwikabe, koma aliyense aona msanga kuti pali vuto poti mvula singachepere ziro. N'chifukwa chake chizindikiro cha deta yosowa chiyenera kukhala kunja kwa nambala zololedwa. Kusiya malo opanda kanthu kulinso bwino, bola dikishonale inene momveka kuti ziro ndi "tinayeza, sinagwe", pamene mpata ndi "sitinayeze". Vuto la mpata n'lakuti suuza ngati munthu anaiwala kulowetsa kapena sanayezedi.

Zonsezi zikalembedwa zimaoneka chonchi:

```
dzina: mvula_mm
tanthauzo: mvula ya maola 24, yowerengedwa 08:00, yolembedwa pa deti la dzulo
muyeso: mm
mtundu: nambala, desimali imodzi
zololedwa: 0.0 mpaka 500.0
0.0: tinayeza, sinagwe
-99: sitinayeze
```

Malire a 500 ndangosankha ngati chitsanzo. Inu ikani oyenera malo anu, okwera mokwanira kuti mvula yamphamvu yeniyeni isakanidwe, koma otha kugwira chala chikaterereka n'kulemba 1200 m'malo mwa 12.0. Mukatero, malamulo omwewo muwaike mu Excel kudzera pa Data Validation, osaiwala kulolanso -99, apo ayi dikishonale inena zina tebulo n'kumalandira zina. Dziwani kuti chida chimenechi chimaletsa zotayipa pamanja, koma zokopera kwina n'kumata zimatha kudutsa.

Mukamaliza, musadziyese nokha, poti inu mukudziwa kale zimene mumatanthauza. Patsani anzanu awiri dikishonaleyo ndi mapepala asanu omwewo a kumalo oyezera, aliyense alowetse payekha osakufunsani. Pamene matebulo awo asiyana ndi pamene pali chiganizo chofunika kukonza. Ndipo tsiku lina mukadzasintha ola lowerengera kapena choyezera, musafufute tanthauzo lakale. Onjezani mzere wonena deti limene kusinthako kwayamba, kuti wogwiritsa ntchito deta ya zaka zingapo adziwe mizere yoyenera kuwerengedwa mwakale ndi yoyenera kuwerengedwa mwatsopano.