Aphunzitsi, lekani kuuza ana kuti kaloko ndi umboni wa webusayiti yoona

Teremu ino ndayima kumbuyo kwa mizere ya ana pa asembule m'sukulu zitatu za sekondale, ndipo konseko ndamva uthenga umodzimodzi. Woyankhula, kaya ndi mphunzitsi wa kompyuta kaya mkulu wa mapulifekiti yemwe wangopatsidwa pepala, amayamba bwino ndithu: pa intaneti pali akamberembere, musamangokhulupirira chilichonse. Kenako amafika pa mawu omwe amandipweteka mumtima: "Mukaona kaloko pamwamba ndi zilembo za `https`, dziwani kuti webusayitiyo ndi yotetezeka." Ana amawomba m'manja n'kulowa m'kalasi atanyamula bodza lochokera pakamwa pa munthu yemwe amamukhulupirira.

Kaloko kaja kamanena chinthu chimodzi chokha. Kamanena kuti zomwe mukulemba pafoni zikuyenda zitabisika mpaka kukafika kwa mwini webusayiti, moti wina wapanjira sangaziwerenge. Za mwiniwakeyo sikanena kanthu. Zili ngati envelopu yomata bwino: m'njira palibe woitsegula, koma ngati mwalembapo adiresi ya wakuba, ikafika kwa wakuba ili yomata chomwecho.

Kale chiphaso chobweretsa kaloko chinkagulidwa, n'chifukwa chake malangizo amenewa analowa m'manotsi athu. Koma kuyambira kumapeto kwa 2015 bungwe la Let's Encrypt lakhala likupereka ziphasozi ulere, ndipo chomwe limatsimikiza n'chakuti wopemphayo ndiye akulamulira dzina la webusayitiyo, basi. Silifunsa ngati ndi munthu wachilungamo. Wakuba amachipeza m'mphindi zochepa monga wina aliyense. Ngakhale a Google anachotsa chithunzi cha kaloko mu Chrome, pulogalamu yawo yotsegulira mawebusayiti, mu 2023, ataona kuti anthu ambiri ankachimva molakwika. Tsono ife tikuuza ana kuti azifunafuna chithunzi chomwe m'mafoni ambiri mulibenso, ndipo komwe chikadalipo sichikutanthauza zomwe tikunenazo. Manotsi omwe tinakopera zaka khumi zapitazo tikuwawerengabe pa asembule osawafufuza, kwinaku tikulalikira ana kuti azifufuza. Izi zandikwana.

Mtengo wake umaoneka nyengo ya zotsatira za mayeso. Mtsikana wina wa Fomu 4 yemwe ndinamuphunzitsa analandira linki pa gulu la WhatsApp la anzake, yonena kuti atha kuona zotsatira za MSCE zisanafike kusukulu. Anabwereka foni ya mayi ake. Tsambalo linali ndi chizindikiro chonga cha MANEB, linali ndi `https`, ndipo iye anachita zomwe tinamuphunzitsa: anayang'ana pamwamba, mtima unakhala m'malo. Analemba dzina, nambala ya mayeso ndi nambala ya foni. Pasanapite nthawi kunabwera foni ya bambo woyankhula mwaulemu, wodziwa dzina lake ndi nambala yake ya mayeso, womuuza kuti atsimikize pempho lomwe latulukira pafonipo polemba nambala yachinsinsi. Nambalayo ankaidziwa chifukwa ndiye ankatumidwa kwa ejenti. Ndalama ya feteleza yomwe mayi ake ankasunga mufoni inapita yonse. Atabwera kudzandifotokozera, misozi ili chuchuchu, anangobwereza mawu amodzi: "Sala, koma kaloko kanalipo."

Nkhaniyi ndinaifotokoza pa msonkhano wa komiti ya makolo, ndipo bambo wina wachikulire, mlimi wa chimanga, anandidula pakamwa. "Aphunzitsi, zimenezo ndi za mbewu yanga ija." Chaka china anagula mbewu pamsika kwa munthu woyala pansi. Pepala lake linali lokongola, lomata bwinobwino, njere zopaka mankhwala amtundu ngati mbewu yeniyeni. Anabzala ekala yonse. Kameredwe kanali ka apa ndi apo, ndipo chomwe chinamera chinabereka tizitsononkho. Chinali chimanga cha m'nkhokwe chopaka utoto. "Ndinkayang'ana kamatidwe ka pepala," anatero, "osafunsa kuti wondigulitsayu ndi ndani." Anapitiriza kulongosola za mvula ya chaka chimenecho mpaka wapampando anachita kumukumbutsa nthawi, koma phunziro anali atalimaliza kale kuposa ine.

Funso lofunika kuti mwana achoke nalo pa asembule ndi lomwelo la mlimiyu: mwini tsambali ndi ndani? Yankho lili mu adiresi, ndipo adiresi ili ndi kawerengedwe kake. Taonani awiriwa. Wachiwiriyo ndapeka ndekha kuti tiphunzirirepo:

```
https://www.maneb.edu.mw/
https://maneb.edu.mw.zotsatira.example.com/
```

Maso athu anazolowera kuyambira kumanzere, choncho mwana akangoona `maneb.edu.mw` koyambirira amaleka kuwerenga. Wakuba amadalira chizolowezi chimenecho. Dumphani `https://`, pitani mpaka pa kamzere kopendekeka koyamba, `/`, ndipo kuchokera pamenepo werengani chobwerera m'mbuyo. Dzina lomwe lagundana ndi kamzereko ndilo la mwini. Mu adiresi yoyamba ndi `maneb.edu.mw`. Mu yachiwiri ndi `example.com`, ndipo zonse zili kumanzere kwake mwini `example.com` atha kulembapo chomwe akufuna, ngakhale dzina la sukulu yanu. Pafoni vuto limakula chifukwa malo oonetsa adiresi ndi ochepa ndipo adiresi yaitali imaduka, ndiye mwana ayenera kuigunda ndi chala kuti aione yonse. Pa dzina ngati `example.com` mumatenga zidutswa ziwiri zomalizira zolekanitsidwa ndi kadontho, koma pa mayina a kuno kwathu nthawi zambiri mumatenga zitatu, chifukwa `gov.mw`, `ac.mw` ndi `edu.mw` ndi magulu chabe: a NCHE, omwe amayendetsa zosankha ophunzira opita ku mayunivesite a boma, ali pa `nche.ac.mw`. Mwana ayang'anenso chilembo chimodzichimodzi, poti `rn` zikayandikana zimaoneka ngati `m`.

Njira imeneyi ili ndi malire. Imakuuzani mwini dzina, sikuuzani ngati zomwe walemba ndi zoona, ndiponso imagwira ntchito ngati mukudziwa kale adiresi yeniyeni. N'chifukwa chake maadiresi enieni ayenera kukhala pa bolodi la zidziwitso kusukulu, olembedwa ndi dzanja la mphunzitsi.

Za kakonzedwe ka mawu a pa asembule sinditalikitsa, mumadziwa kale kuyima pamaso pa ana. Mphindi zisanu zakwana. Lembani maadiresi awiri aja ndi zilembo zikuluzikulu papepala lalikulu, ana awiri aligwire, mufunse kuti weniweni ndi uti, akweze manja. Ambiri akalephera musawaseke, aonetseni pomwe pali kamzere, kenako tembenuzani pepalalo kuseri komwe mwalembako ena awiri, ayesenso. Auzeni kuti linki yobwera pa WhatsApp asamaigunde, alembe okha adiresi yomwe akuidziwa. Tsamba lachilendo alisiye kaye, akafufuze dzina lake kwina aone zomwe ena akunena. Za zotsatira za mayeso akafunse aphunzitsi aakulu. Nambala yachinsinsi ya Mpamba kapena Airtel Money siilembedwa pofuna kuona zotsatira, ndipo siuzidwa kwa munthu woimba foni, kaya akhale waulemu chotani. Yemwe waipereka kale auze kholo tsiku lomwelo, aisinthe, aimbire kampani ya foni pa nambala yake yodziwika ndi kukanena kupolisi. Ndipo musanakwere pabwalo Lolemba likubwerali, tengani cholembera mufufute chiganizo cha kaloko chija m'manotsi anu.