Momwe mungawerengere malipiro otsala mukamabweza ngongole ya kuntchito

Musanasaine fomu ya adivansi kapena ngongole ya kuntchito, tengani peyisilipi ya mwezi watha. Musayang'ane nambala yaikulu ya pamwamba ija. Yang'anani ya pansi, ndalama imene imalowadi m'thumba atachotsa msonkho ndi penshoni. Ngongole imadulidwa pamenepo, ndipo sichepetsa msonkho wanu ngakhale pang'ono.

Tiyerekeze kuti malipiro anu onse ndi 500,000, ndipo msonkho ndi penshoni zimadya 100,000. Mumalandira 400,000. Mukufuna kubwereka 600,000 yobweza m'miyezi 12.

Choyamba, gawani ngongoleyo ndi miyezi. Ngati palibe chiwongola dzanja, 600,000 kugawa ndi 12 ndi 50,000 pamwezi. Chotsani pa 400,000 ija: muzilandira 350,000 chaka chonse. Pa malipiro onse, 50,000 ikuoneka ngati 10 peresenti chabe, koma pa ndalama yogwira m'manja ndi 12.5 peresenti.

Kenako funsani a ku ofesi ya zachuma ngati pali chiwongola dzanja, komanso momwe amachiwerengera. Apa ndi pamene ambiri timangogwedeza mutu osamvetsa. Akanena kuti ndi 10 peresenti pachaka pa ndalama yonse imene munatenga, chiwongola dzanja ndi 60,000, ngongole yonse 660,000, ndipo azidula 55,000 pamwezi. Mutsala ndi 345,000. Koma akamawerengera pa ngongole yotsala mwezi ndi mwezi, pa 10 peresenti yomweyo azidula pafupifupi 52,750 pamwezi, ndipo chiwongola dzanja chonse ndi 33,000 basi. Mwa njira yachiwiriyi ndalama yodulidwa sisintha, chimasintha ndi zam'kati mwake: miyezi yoyamba chiwongola dzanja chimakhala chochulukirapo, kumapeto chimachepa. Peresenti ndi yofanana, koma kusiyana kwake ndi 27,000, choncho auzeni akulembereni ndondomeko ya miyezi yonse.

Mukapeza yotsalayo, lembani zomwe simungazithawe pamwezi monga lendi, mayendedwe ndi chakudya. Zikaposa 345,000, pemphani miyezi yambiri kapena chepetsani ngongoleyo. Kupanda kutero mudzabwerera kukapempha adivansi, imene nthawi zambiri amaidula yonse kamodzi mwezi wotsatira, pamwamba pa 55,000 ija.

Akayamba kudula, lembani mwezi woyamba ndi womaliza. Kuyamba mu Malichi ndiye kuti kutha mu Febuluwale, osati Malichi winayo. Zimachitika ndithu kuti munthu amadulidwa kachi 13 chifukwa palibe amene anaimitsa pa kompyuta, ndipo mungazindikire pokhapokha mukusunga mapeyisilipi.

Werenganinso zomwe fomu ikunena mukasiya ntchito pakati. Mwa njira yoyamba ija, mutabweza miyezi 5 mwapereka 275,000, kwatsala 385,000. Kawirikawiri mgwirizano umalola abwana kuchotsa yotsalayo pa ndalama zanu zomaliza, ndiye funsiranitu ngati angakuchotsereni chiwongola dzanja cha miyezi 7 imene simunafike.