Kukopera manambala a pa chithunzi cha tebulo osawasokoneza

"Ndajambula pa foni matebulo a kalembera wa 2018 ndikufuna ndichite samale, koma manambala ena sakuoneka bwino, nditani?"

Musanakopere nambala iliyonse werengani kaye mutu wa tebulo ndi timawu ta pansi, mpomwe amalemba ngati manambalawo ali m'masauzande kapena ndi maperesenti, ukaphonya pamenepo 17,564 imaoneka ngati anthu a tauni imodzi pomwe ndi Malawi yense, 17,563,749. Kenako koperani momwe zalembedwera, makoma ndi madontho omwe, zofupikitsa kuti 17.6 miliyoni muchite kumapeto.

Chaka nacho samalani, kalembera anachitika 2018 koma lipoti la NSO, ofesi ya boma yosonkhanitsa ziwerengero, linatuluka 2019, lembani chaka chomwe anawerenga anthucho. Deti ngati 03/09 likhoza kukhala 3 Seputembala kapena 9 Malichi, ndiye lembani mwezi m'mawu mukatsimikiza.

Tsono pa manambala okayikitsa, amene amavuta ndi 3 ndi 8, 1 ndi 7, 5 ndi 6, makamaka chakumsana kwa buku komwe pepala limapindika. Osangoganizira ayi chonde. Wonkhetsani mzere wonse muone ngati ukufika pa totala. Tinene amuna 412, akazi 4?6, totala 848, mukachotsera mupeza 436 ndiye kuti ndi 3, lembani `4[3]6` ndi kanoti koti mwaipeza powerengetsa. Ngati totala palibe lembani `4[3/8]6`, peji ndi mzere wake, ndipo nambala imeneyo isalowe mu samale mpaka mutajambulanso pejilo pafupi, litagona bwino, powala, opanda fulashi.