Momwe mungalembere ngongole m'kope ndi kuziwerengera sabata ndi sabata

Ife ochita geni ku Zomba kuno sitingathawe kukongoza. Ambiri otigula ndi aphunzitsi, asilikali, ogwira ntchito m'boma ndi ana a sukulu a ku Chikanda, onsewa amadikira kuti mwezi uthe kapena makolo atumize. Nanenso katundu wa m'okala yanga ku Chinamwali ndimatenga wina pa ngongole. Njira imene ndimatsata nayi.

Gulani kope lachikuto cholimba, losoka ndi ulusi. Aja otchipa omata ndi timawaya amathothoka pakati, ndipo tsamba limodzi likatayika ndalama yapita. Cholembera chikhale cha inki, pensulo ayi, chifukwa zofufutika zimabala mikangano.

Kuyambira kutsogolo lembani amene muli nawo zanu. Kopelo mulitembenuze, kuyambira kumbuyo mulembe amene ali nanu zawo: woodetsa katundu, eni nyumba, banki m'khonde, mlamu amene anakupulumutsani pa fizi. Munthu aliyense akhale ndi tsamba lakelake. Pamwamba dzina, kumene amakhala ndi tsiku limene walonjeza kubweza. "Mwezi ukatha" si tsiku, mufunseni atchule deti. Kenako jambulani mizere yotsika kuti pakhale malo a deti, chimene watenga, ndalama yake, zimene wabweza ndi zotsala.

Mtengo muulembe tsiku lomwelo, m'makwacha. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, amene analemba kuti "shuga mapaketi awiri" basi anavutika, wokongola akufuna mtengo wakale, wokongoza akufuna watsopano. Oodetsa enanso ndi akathyali: amakupatsa katoni ya sopo mokoma mtima, tsiku lolipira n'kumati mtengo unakwera. Musachoke pamalopo asanakulembereni kapepala ka mtengo, mukakamatire pa tsamba lawo.

Tsopano pamene pamafunika maso ndi pobweza pang'onopang'ono. Kutenga katundu aliyense amakumbuka kulemba, koma ndalama ikamabwera mwapatalipatali, ina pamanja ina pafoni, m'pamene kope limayamba kunama. Zinandichitikira ndi mayi wina amene tinkagwirizana kwambiri. Anali ndi ngongole ya K18,000. Anabweretsa K7,000 pamanja, ine n'kulemba. Patapita masiku anatumiza K5,000 pa Mpamba kudzera pa foni ya mchemwali wawo, uthenga n'kubwera ndi dzina limene sindinkalidziwa, ine osalemba. Kenako mwana wawo anadzatenga mafuta ophikira a K4,500. Kope linkati atsala ndi K15,500, iwo ankati K6,000, poti za mafutazo mwana sanawauze. Chilungamo chake chinali K10,500. Tinachipeza titakhala pansi n'kufufuza mauthenga a mafoni onse awiri, koma mayiwo anatha nthawi osapondanso pa okala.

Ndiye chitani izi. Chilichonse cholowa kapena chotuluka chikhale ndi mzere wake, ndipo nambala yakale musaikhwatche n'kulemba ina pamwamba. Pa nkhani ya mayi aja zikanayenda motere: 18,000, abweza 7,000, zatsala 11,000, abweza 5,000, zatsala 6,000, atenga mafuta 4,500, zafika 10,500. Ikabwera pa Airtel Money kapena Mpamba, lembani pambali dzina limene laoneka pa uthenga ndi manambala omalizira a uthengawo, ndipo musaufufute ngongole isanathe. Auzeni anthu anu kuti akatumiza aziimba kapena kulemba uthenga wonena kuti ndi ya ndani. Mugwirizanenso za ndalama yotapira, chifukwa K5,000 ya pafoni mukakaitapa kwa ejenti siifika yonse m'manja. Akatuma mwana, lembani kuti watenga ndi mwana, ndipo madzulo muwadziwitse eni ake. Wobweza pamanja muziwerenga naye zotsala mokweza, aone ndi maso, asaine ngati n'kotheka.

Kuwerengera kwa pasabata sankhani tsiku limodzi losasintha. Ine ndi Lamlungu masana tikaweruka kutchalitchi. Yambani ndi foni: uthenga uliwonse wa ndalama wa sabatayo muupeze m'kope. Umene ulibe mzere wake ndiye vuto lanu, ufufuzeni lomwelo. Mukatero wonkhetsani zotsala za kutsogolo, wonkhetsaninso za kumbuyo, mulembe zonse ziwiri ndi deti pa tsamba lapakati. Za kutsogolo zikamakwera masabata atatu otsatizana pomwe mashelefu akupepuka, imitsani kukongoza. Ndipo musadalire ndalama imene ili kwa anthu polonjeza woodetsa, dalirani imene ili m'manja.

Amene deti lawo lapita muwaike kanyenyezi, muwakumbutse Lolemba mwaulemu, paokha, osati pagulu. Pa ngongole zoti inuyo mubweze zimene zikufika sabata ikubwerayi muyambe ndi zachiwongola dzanja. Tsamba likafika pa ziro, dulani mzere kuchokera ngodya kufika ngodya, mulembe deti, koma musaling'ambe.