Momwe mungawerengere pepala la zotsatira za magazi: tanthauzo la H ndi L

Mayi wina amene timapemphera naye, wogulitsa tomato pamsika wa Kapata kuno ku Chipata, anandipeza pakhomo madzulo ena atagwira pepala lopindapinda. Anali atayezetsa magazi m'mawa chifukwa cha chizungulire komanso kupuma mwawefuwefu akanyamula dengu. Pepala anapatsidwa, koma mzere wa kwa adokotala unali wautali ndipo anauzidwa kuti abwere mawa lake. Mwana wawo wa kusekondale analiwerenga n'kuwauza kuti zinthu zinayi zalakwika m'magazi mwawo.

"Abambo, zinayi zonsezi, kodi ndichira ine?" anandifunsa asanakhale n'komwe pampando.

Andilola kuti ndilembe za pepala lawolo. Mizere imene inali ndi zizindikiro ndi iyi:

```
Test  Result  Flag  Unit     Ref. range
HGB   9.8     L     g/dL     12.0 - 15.0
MCV   72      L     fL       80 - 100
WBC   3.7     L     10^9/L   4.0 - 10.0
PLT   462     H     10^9/L   150 - 400
```

Musanayang'ane nambala iliyonse, yambani ndi pamwamba pa pepala. Dzina ndi lanudi? Kuno kum'mawa a Phiri, a Banda ndi a Tembo amadzaza benchi imodzi, ndipo mapepala amatha kusinthana. Onaninso zaka, tsiku limene magazi anatengedwa, ndiponso ngati analemba kuti ndinu mwamuna kapena mkazi. Zimenezi si zongodzazira malo ayi. Makina amasankha malire potengera zaka ndi chibadwa cha munthu, choncho mkazi akalembedwa ngati mwamuna, magazi ake abwinobwino angaoneke ngati ochepa.

Kenako werengani mzere umodzi kuchokera kumanzere kupita kumanja. Poyamba pali dzina la chimene anayeza, kenako nambala yanu, chizindikiro, muyeso, ndipo kumapeto kuli nambala ziwiri pansi pa mawu akuti `Ref. range`. Nambala ziwirizo ndiwo malire. Yanu ikagwera pansi pa malire, makina amalemba `L`. Ikapitirira pamwamba, amalemba `H`. Mapepala ena amangoika kanyenyezi kapena kulemba nambalayo mokhuthala.

Apa m'pamene anthu ambiri amasokonekera, ndiye ndikhalitsepo pang'ono. Malirewo sanaikidwe pamene pamayambira matenda. Akatswiri amayeza gulu lalikulu la anthu athanzi, n'kutenga anthu 95 mwa 100 alionse amene ali pakati, ndipo pamene anthu amenewa akuthera m'pamene amakhoma malire. Asanu otsalawo ndi athanzinso, kungoti nambala zawo zili m'mphepete, monga mmene m'mudzi mumakhalira munthu wamtali kuposa onse koma osadwala. Ndiye kuti pa chinthu chimodzi choyezedwa, munthu mmodzi mwa 20 athanzi amalandira `H` kapena `L`. Mukayeza munthu wathanzi zinthu 20 zosiyanasiyana, mwayi woti chimodzi chituluke ndi chizindikiro umaposa theka. Makina sadziwa kuti ndinu ndani, muli ndi pakati kapena ayi, munadwala malungo sabata yatha kapena ayi. Amangoyerekeza nambala ndi nambala.

N'chifukwa chake kuwerenga zizindikiro kuti zilipo zingati sikuthandiza. Funso loyenera ndi lakuti, nambalayi yatuluka patali bwanji?

Tiyambe ndi `WBC`, amene ndi maselo oyera olimbana ndi matenda. Ya mayiwa ndi 3.7, pamene malire amayambira pa 4.0. Yangotsetsereka pang'ono. Komanso anthu ambiri athanzi a kuno ku Afirika mwachibadwa amakhala ndi maselo oyera ocheperapo kusiyana ndi azungu, pamene malire a makina ambiri anatengedwa kwa anthu a kunja. Munthu wopanda kutentha thupi, wosadwaladwala, wokhala ndi 3.7, nthawi zambiri adokotala amangoona n'kupitirira. Ikanakhala 1.5, kapena 25, nkhani ikanasintha.

`HGB` ndiyo imene timati kuchuluka kwa magazi. Ndi chinthu chofiira cha m'maselo chimene chimanyamula mpweya kupita nawo m'thupi lonse. Bungwe loona za umoyo padziko lonse limati magazi achepa ngati nambalayi ili pansi pa 13 kwa mwamuna, pansi pa 12 kwa mkazi wopanda pakati, ndi pansi pa 11 kwa mayi woyembekezera, kupatula miyezi itatu yapakati ya mimba pamene malire ndi 10.5. Mayiwa alibe pakati ndipo ali pa 9.8. Apa chizindikiro chikunena zoona, ndipo chikugwirizana ndi chizungulire chimene chinawatengera kuchipatala. Magazi achepadi, ngakhale sanafike poti awaonjezere ena.

Koma kudziwa kuti magazi achepa ndi theka chabe la nkhani. Achepa chifukwa chiyani? Yankho limayamba kuoneka mukaphatikiza mizere, osati kuwerenga uliwonse pawokha. `MCV` imanena kukula kwa selo lofiira limodzi. Thupi likasowa ayironi, mchere wofunika popanga magazi, limapanga maselo ang'onoang'ono, monga mmene chimanga chosowa feteleza chimaberekera tizitsononkho. Nambala 72 ikusonyeza maselo aang'ono. Ikanapitirira 100, maselo akanakhala aakulu mopyola, ndipo adokotala akanaganizira za mavitamini ena, mowa, kapena mankhwala amene munthu akumwa.

Nanga `PLT`? Awa ndi timaselo tothandiza magazi kuundana pabala. Thupi likasowa ayironi, kawirikawiri timachuluka pang'ono, ndipo timabwerera m'malo ayironi akakwanira. Choncho 462 si matenda achiwiri, ndi mthunzi wa oyamba aja. Timaselo tomweti timatsika munthu akadwala malungo, ndiye amene wangochira malungo asadabwe kuona `L` pamzere umenewu.

Mwaona tsopano kuti zizindikiro zinayi zija si matenda anayi. Zitatu zikuloza chinthu chimodzi, ndipo chachinayi mwina ndi chibadwa chabe.

Ndinawauza mayiwo zimenezi, koma ndinawachenjezanso kuti pepala silinena kumene ayironiyo akuthera. Limenelo ndi funso la adokotala, ndipo amalipeza pofunsa ndi poyeza zina. Kodi kumwezi kumatenga masiku angati, ndipo magazi amatuluka ochuluka bwanji? Anabereka motsatizana? Pali njoka za m'mimba, kapena likodzo kwa amene amachapa ndi kusamba kumadambo? Chimbudzi chimatuluka chakuda ngati phula? Kwa mwamuna, kapena mayi amene anasiya kusamba, maselo aang'ono ndi magazi ochepa zimafuna kufufuza ngati m'mimba kapena m'matumbo mukutuluka magazi mobisika, ndipo kungomwa mapiritsi osafufuza kungabise matenda aakulu. Palinso anthu obadwa ndi maselo aang'ono mwa mtundu wawo, amene ayironi sawasintha kanthu. Kusiyanitsa zimenezi kumafuna kuyeza kwina kotchedwa `Ferritin`, kumene kumaonetsa ayironi wosungidwa m'thupi. Ndiye ndimadandaula ndikaona munthu akuthamangira kukagula mankhwala oonjezera magazi kusitolo atangoona `L`.

Chinthu china chimene chimapusitsa anthu ndi muyeso, mawu aang'ono aja a pambali pa nambala. Ena amayezetsa kuno ku Chipata, kenako ku Katete, ena mpaka kuwoloka pa Mwami kukayezetsa ku Mchinji, n'kuika mapepala pamodzi. Labu ina imalemba `HGB` mu `g/dL`, ina mu `g/L`, ndipo 9.8 wa uku ndi 98 wa uko, magazi omwewo. Pa shuga m'pamene pamaopsa kwambiri. Nambala 7.0 mu `mmol/L` ndi chimodzimodzi 126 mu `mg/dL`, chifukwa mumachulukitsa ndi 18. Munthu wozolowera kuona 6 kapena 7 akaona 110 pa kamakina kena angaganize kuti wafa kale, chonsecho ndi 6.1 yemweyo. Malire nawonso amasiyana pang'ono pakati pa labu ndi labu chifukwa makina ndi osiyana. Yerekezani nambala yanu ndi malire a papepala lomwelo, osati a papepala la mnzanu.

Tsopano mbali ina imene sitiikamba mokwanira: pepala lopanda chizindikiro si umboni wakuti zonse zili bwino. Bambo amene `HGB` yake inali 16 miyezi itatu yapitayo ndipo lero ili 13.4 salandira `L`, koma wataya magazi ochuluka ndithu, ndipo wina ayenera kufunsa kumene apita. Zimenezi zimaoneka pokhapokha mapepala awiri akakhala pambali pa linzake. Sungani mapepala anu onse m'kapulasitiki pamodzi ndi khadi la kuchipatala, ndipo muzipita nawo. Kumbukiraninso kuti kuyeza kumeneku kumangoona zimene anapempha. Pepala la maselo a magazi silinena za shuga, impso, kapena kachilombo ka edzi.

Pali nthawi zosayembekezera mawa. Ngati `HGB` ili pansi pa 7, makamaka kwa mayi woyembekezera kapena mwana, bwererani tsiku lomwelo ndipo muonetse namwino nambalayo musanakhale pamzere. Chimodzimodzi ngati papepala palembedwa `Critical`, kapena zizindikiro ziwiri monga `LL` ndi `HH`. Ndipo ngati munthu akubanika ali chikhalire, akukomoka, akutuluka magazi m'nkhama kapena m'mphuno osasiya, thupi lake lanena kale, musataye nthawi ndi pepala. Kumbali ina, nambala yodabwitsa kwa munthu amene akuoneka bwinobwino nthawi zina imabwera chifukwa magazi anaundana m'kabotolo kapena anakhalitsa asanayezedwe, ndipo adokotala akati mubayidwenso, si kuti akukuvutitsani.

Mukalowa m'chipinda cha adokotala, nenani mankhwala onse amene mukumwa, a zitsamba omwe, ndiponso ngati mukuganiza kuti muli ndi pakati. Kenako funsani kuti pa zizindikirozi chofunika ndi chiti, chachititsa n'chiyani, ndipo mudzayezetsenso liti.

Mayi aja anapita m'mawa mwake ndi mafunso amenewa. Zinapezeka kuti kwa chaka chathunthu kumwezi kunkawatengera masiku asanu ndi atatu, iwo n'kumaona ngati ndi mmene zimakhalira munthu akamakula. Anawapatsa mapiritsi a ayironi, mankhwala a njoka za m'mimba, ndi tsiku lokaonana ndi a matenda a amayi. Anawauza kuti asamwere tiyi mapiritsiwo chifukwa tiyi amatsekereza ayironi kulowa m'thupi, kuti chimbudzi chidzada ndipo asachite mantha, komanso kuti adzapitirize kumwa miyezi itatu ngakhale magazi atakwanira, kuti nkhokwe ya m'thupi idzaze. Patatha mwezi anabweranso ndi pepala lachiwiri. `HGB` inali pa 11.4, ikadali ndi `L` pambali pake koma ikukwera, `PLT` inali itatsikira pa 380, ndipo `WBC` inali pa 3.8, pafupifupi pomwe inali.