Momwe mungalembere taitolo ya peji ya gulu la katundu kuti isamalimbane ndi mapeji ena a shopu yanu

Shopu ya pa intaneti imakhala ndi mapeji amitundu iwiri, ya gulu lonse la katundu ndi ya chinthu chimodzichimodzi, ndipo iliyonse ili ndi kasitomala wake. Nditenga chitsanzo cha ma sola poti ndi amene ndimagulitsa kuno ku Chipata, malaiti akayamba kuvuta foni sipuma. Amene walemba pa Google kuti "solar panels Chipata" sanasankhe, akufuna aone zonse ndi mitengo, ameneyo ndi wa peji ya gulu. Koma wolemba "100W solar panel price" akudziwa kale chimene akufuna, musiyireni peji ya sola ya 100W.

Choyamba tengani pepala, lembani mawu amene anthu amasakira, ndipo pambali pa liwu lililonse ikani peji imodzi chabe. Kali konse kokhala ndi nambala, mawati, dzina la kampani kapena modelo kapite ku peji ya chinthucho. Zotsalazo ndiye za gulu.

Manje ngati muli pa WooCommerce lowani Products, kenako Categories, dinani Edit pa gulu lanulo, pansi mupeza bokosi la Yoast SEO ngati munaika kale pulagini imeneyi. Yaulere ija ikwanira, musalipire kanthu. M'bokosimo lembani mawu okha pa SEO title ndi pa Meta description, popanda ma tag. Yanga mu HTML ya peji ikuoneka chonchi:

```html
<title>Solar Panels in Chipata | All Sizes and Prices</title>
<meta name="description" content="Compare solar panels for home, shop and farm. Pay by mobile money, collect in Chipata or we send by bus.">
```

Taitolo isapitirire zilembo 60 kapena pafupi pamenepo, apo ayi Google imadula kumapeto. Mawu ofotokoza a mu description aja asapitirire zilembo cha m'ma 150, ndipo iwowa sakweza peji ayi, ntchito yake ndi kukopa munthu kuti adine. Mtengo weniweni musauikemo, dola ikasuntha mudzaiwala kusintha ndiye kasitomala adzabwera akukangana nanu za mtengo wakale.

Pamene panandivuta ine ndi pa taitolo pomwepa. Mnyamata wina amene ndinamulipira kuti andikonzere shopu, wa aja olonjeza kuti mawa lomwe mukhala nambala wani, anaunjika zonse pa peji ya gulu, 50W 100W 150W 300W mu taitolo imodzi, kenako mapeji onse a katundu anawayambitsa ndi "Solar Panels Chipata". Zinaoneka ngati wagwira ntchito yaikulu koma chimene chinachitika nchakuti Google inasowa peji yoti itenge. Lero yaonetsa gulu, sabata yamawa yaonetsa sola ya 50W imene inali itatha kale mu sitoko, munthu wofuna kuona zonse akufika pa chinthu chimodzi choti kulibe, basi wabwerera kukagula ku Down Shops. Ndipo wofuna ya 100W ankagwera pa gulu nkuyambanso kusaka yekha, bando ikutha.

Kuti mudziwe ngati zikukuchitikirani, tsegulani Google Search Console, pitani pa Performance, ikani sefa ya Query ndi liwu lalikulu la gulu, ngati "solar panels Chipata" lija, kenako dinani Pages. Ngati pa miyezi 3 yapitayi mapeji awiri kapena atatu akugawana Impressions, kutanthauza kangati aonekera pa Google, pafupifupi mofanana, ndiye kuti akulimbana. Kungoonekera kwa mapeji awiri si vuto ayi, vuto ndi pamene peji yolakwika ndiyo ikulandira anthu kapena zikamasinthanasinthana. Ine ndinachotsa mawati onse pa gulu, ndipo pa katundu ndinayamba ndi chimene chikumusiyanitsa ndi mnzake:

```html
<title>100W Mono Solar Panel 12V | Price and Specs</title>
```

Ena adzakuuzani kuti ikani canonical pa katundu yense yoloza ku gulu. Musayese, kumeneko nkuuza Google kuti mapeji a katundu ndi makope chabe, ndiye angathe kuzimiririka. Wina akakulipiritsani kuti adzaze meta keywords mukanize ndalama, Google inanena poyera mu 2009 kuti siigwiritsa ntchito.

Zotsalazi nzachangu. Mu Description ya gululo lembani mizere iwiri itatu, osati kukopera ya katundu. Yatsani breadcrumbs, timalinki toonetsa njira yochokera ku Home kudutsa pa gulu mpaka pa chinthucho, kuti peji iliyonse ya katundu iziloza kwawo ku gulu ndi dzina lalikulu lija. Ma batire ndi ma invata akhale ndi magulu awo, chitani chimodzimodzi. Mukatha ikani linki mu URL Inspection ya mu Search Console, dinani Request indexing, dikirani masabata angapo musanagwirenso kanthu. Nthawi zina Google imalemba taitolo yakeyake, mukaona choncho onani ngati mutu waukulu wa pa peji, H1 ija, ukugwirizana ndi taitolo yanu.