Khutu likawawa pambuyo pa chimfine

"Mwana wanga wangochira chimfine, koma khutu likumuwawa. Ndilitokose ndi kamtengo ka thonje?"

Musalitokose mayi, chifukwa chimfine chimatseka kanjira kochokera kukhosi kupita kukhutu, motero ululuwo uli kuseri kwa nembanemba, kachikopa kopyapyala ka mkati mwa khutu, kumene thonje silifika. Kamtengoko kamangokankhira phula mkati, kamakanda khungu mpaka majeremusi kulowa, ndipo kangaboole nembanembayo.

Choyamba, mpatseni panado molingana ndi msinkhu wake. Kenako mufunditseni kansalu kofunda kunja kwa khutulo, osathiramo mafuta kapena madzi. Likamawawa kwambiri mukalikoka, makamaka ngati anasambira, ndiye kuti vuto lili m'ngalande yakunja, choncho asasambirenso mpaka atachira.

Pakadutsa masiku awiri osasintha, pitani naye kuchipatala, koma mukaona mafinya kapena kutupa kuseri kwa khutu, pitani tsiku lomwelo.